Mabulaki holo akagundana, ifeyo kuno timadziwa bwanji?

Bulaki holo ndi malo oti zinthu zinapanikizana kwambiri moti mphamvu yake yokoka imagwira chilichonse, olo kuwala sikutulukamo. Ndiye awiri akagundana palibe chowala choti uone ndi telesikopu. Chimene chimatipeza kuno ndi kugwedera kwa danga lenilenilo.

Einstein ananena kale mu 1916 kuti zinthu zolemera zikamazungulirana mothamanga zimatumiza mafunde m'danga, ngati mmene madzi amachitira ukaponyamo mwala, ndipo mafundewo amathamanga liwiro la kuwala. Nde taganizani mabulaki holo awiri akuzungulirana, mafunde aja akuwalanda mphamvu pang'onopang'ono, iwo nkumayandikana, akayandikana liwiro limakwera, mafunde nkukulirakulira mpaka phwaa! asanduka mmodzi.

Pa 14 Sepitembala 2015 makina a LIGO ku Amerika anagwira zimenezi koyamba. Wina anali wolemera ngati madzuwa 36, mnzake 29, koma amene anatsala ndi wa 62. Atatu enawo anapita kuti? Anasanduka mafunde, sekondi imodzi isanakwane nkomwe. Ndipo mafundewo anali atayenda zaka pafupifupi 1.3 biliyoni asanafike kuno.

Koma pamene pamandizunguza mutu ine ndi pa kayezedwe. Funde likamadutsa limatalikitsa danga mbali imodzi nkulifupikitsa mbali inayo, kenako nkusinthanitsa. LIGO ili ndi mapaipi awiri okumana pakona ngati L, iliyonse makilomita 4, mpweya wonse anauchotsamo. Kuwala kwa leza amakugawa pawiri, kwina uku kwina uko, kukagunda magalasi a makilogalamu 40 olendewera kumapeto, kumapita nkubwerera maulendo mazanamazana kenako kudzakumananso. Anazitchera zoti mapaipi akakhala mmene alili kuwala kuwiriko kumazimitsana, pa sensa pamakhala pafupifupi mdima. Paipi imodzi ikangotalika pang'ono poyerekeza ndi inzake kuzimitsana kuja kumasokonekera, kuwala kofika pa sensa nkusintha. Pang'ono pake ndikunenapa ndi kakang'ono kwambiri kuposa pulotoni, ka mkati mwa atomu kaja, pa mtunda wa makilomita 4 amwene!

Vuto ndiloti makina omva chonchi amamva zilizonse, lole ikudutsa, mphepo, mafunde a kunyanja, chivomezi cha kutali. Nchifukwa chake magalasi aja anawapachika m'magawo anayi, gawo lomaliza pa tizingwe tagalasi, kuti kugwedera kwa pansi kusawafike, komanso anamanga makina awiri motalikirana makilomita pafupifupi 3,000, ku Livingston ku Louisiana ndi ku Hanford ku Washington. Lole singagwedeze onse awiri mofanana. Tsiku limenelo Livingston inayamba kumva, Hanford nkutsatira patangodutsa mamilisekondi 7, kagwederedwe kake kofanana ndithu ndi kamene masamu a Einstein amalosera.

Analengeza pa 11 Febuluwale 2016, mu 2017 Rainer Weiss, Barry Barish ndi Kip Thorne nkulandira mphoto ya Nobel. Pano kulinso Virgo ku Italy ndi KAGRA ku Japan, ndipo makina akachuluka, kusiyana kwa nthawi imene funde lafika pa malo alionse kumathandiza kuloza mbali ya kumwamba komwe lachokera.