Kalata yosiya ntchito

Chinamwali, Zomba
14 Okutobala 2024

Kwa a Manijala,

Bwana,

Ndikulemba kukudziwitsani kuti ndasiya ntchito yanga ya ulonda wa usiku kuyambira lero. Sindikuchoka mwa kufuna kwanga. Ndagwira pano zaka 6 popanda chenjezo lililonse.

Kuyambira Juni, a kapitawo akhala akundinyoza pamaso pa anzanga, kunditchula galu, ndi kundiopseza kuti andichotsa ndikadandaula. Pa 3 Ogasiti anandilanda tochi ndi wenzulo, n'kundisiya ndekha kunkhokwe komwe magetsi a panja anafa kalekale. Usiku wa pa 19 Seputembala akuba anandikhapa ndi chikwanje padzanja lamanja, ndipo anandisoka ku Chipatala Chachikulu cha Zomba. Mpaka lero chala chimodzi sichipindika.

Ndinakulemberani pa 8 Ogasiti ndi pa 25 Seputembala. Simunayankhe, ndipo palibe chasintha. Ndili ndi ana atatu, sindingadikire imfa pageti.

Khalidwe limeneli landikakamiza kuchoka, choncho ndikuona kuti mwandichotsa ntchito mopanda chilungamo, malinga ndi gawo 60 la lamulo la zantchito la 2000. Nkhaniyi ndikaitula ku ofesi ya zantchito ya boma la Zomba, ndipo ikapanda kutha, kukhoti la zantchito. Makalata onse awiri ndi pepala la kuchipatala ndasunga.

Chonde mundilipire malipiro anga otsala, a masiku a tchuthi ndi ndalama yochotsedwera ntchito.

Ine wanu,
Mlonda wa usiku, nambala 27