Mayi wa ku Dedza wokhala ku Leeds, ndikufuna bambo woti tizilankhula Chichewa pakhomo

Ndine mayi wa zaka 37, kwathu ndi ku Dedza, dera la Linthipe. Ndakhala ku Leeds kuno ku Mangalande kuyambira 2016 ndipo ndimagwira ntchito ya unamwino m'chipatala cha boma. Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka 8. Ukwati wanga woyamba unatha kukhothi, zikalata zilipo. Ndimapemphera CCAP ya Sinodi ya Nkhoma, koma wa mpingo wina sindikumukana, bola tigwirizane komwe ana azikapemphera.

Ndikufuna bambo wa zaka 36 mpaka 48, wolankhula Chichewa kapena Chinyanja. Wa ku Chipata, Katete kaya Tete ndi wathu yemweyo. Mtumbuka, Myao, Mlhomwe, Msena, nonse ndakulandirani, chachikulu n'chakuti pakhomo pazimveka chilankhulo cha kwathu. Mwana wanga amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, chifukwa amangochimva kwa munthu mmodzi. Akamamva akulu awiri akucheza, akuseka, akukambirana za ndiwo, lilime limamasuka lokha. Ndiye ngati ndinu aja amati atatha zaka ziwiri kunja aiwala "muli bwanji", sitidzamvana.

Nsima imaphikidwa masiku ambiri pano. Ufa ndimagula m'mashopu a zakudya za ku Africa, pomwe usipa, mfutso, nsinjiro ndi mpunga wa Kilombero zimabwera m'chikwama cha aliyense wochokera kumudzi. Koma dziwani kuti shifiti yanga ndi ya maola 12, nthawi zina usiku. Ndikakhala kuntchito, mthiko ndi wanu, kukatenga mwana kusukulu ndi inu. Kuno kulibe wantchito, kulibenso mphwanga woti n'kumutuma. Mabanja ambiri a ife obwera amasokonekera pomwepa: bambo amadikira kuikiridwa madzi kubafa ndi munthu amene wangoweruka m'mawa womwewo.

Za mwambo tinene poyera. Kwathu ndi kwa Achewa, sitilowola. Pamakhala kufunsira mbeta, kenako chinkhoswe, ndipo nkhoswe yanga ndi amalume, ali moyo. Ngati kwanu mumalowola, monga ku Mzimba kapena ku Nsanje, tikambirane msanga, makamaka nkhani ya ana kuti ndi a mbali iti ndiponso kuti nyumba yakumudzi tidzamanga kuti. Zimenezi zikasiyidwa, zimadzavuta pa maliro. Chinkhoswe chidzachitikira ku Dedza pamaso pa abale, osati pa foni.

Ndalama zakumudzi: mwezi uliwonse ndimatumizira amayi anga ndipo ndimalipira fizi ya mwana wa achemwali. Inunso muli ndi anu, ndikudziwa. Ndimafuna tizigwirizana kuti mwezi uno mbali iyi zingati, mbali iyo zingati, feteleza wa mu Novembala tikonzekere pasadakhale, osati kutumiza mobisa.

Ndingakonde munthu amene ali kale kuno ku UK kapena ku Ireland, ndi mapepala ake olongosoka. Ngati muli kumudzi kapena ku Joni, khomo silinatsekeke, koma njira yake ndi yaitali. Ine ndili ndi chilolezo chokhazikika, ndipo kuti nditenge mwamuna boma limafuna malipiro osachepera mapaundi 29,000 pachaka, malinga ndi lamulo la mu Epulo 2024. Inuyo mukhoze mayeso a Chingerezi, muyezetse TB, ndipo tonse tionetse umboni kuti tinakumanadi maso ndi maso. Ndalama ya viza ndi ya zachipatala ndi yambiri, tidzasonkherana. Ndimabwera ku Malawi kamodzi pachaka, mu Ogasiti sukulu zikatsekera, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi.

Amene muli ndi mkazi ku Mangochi kapena ku Area 25 n'kumati "tinasiyana kalekale", musavutike. Amalume adzafika kwanu, adzafunsa kwa amfumu ndi kumpingo. Ana ngati muli nawo si vuto, nenani kuti ndi angati ndipo akukhala ndi ndani. Ndalama sinditumizira munthu amene sindinamuone, kaya ndi ya bando, kaya ya pasipoti, kaya ya matenda. Mowa wa apo ndi apo ndingapirire, fodya ndi kubetcha ayi. Zinthu zikayamba kulongosoka tidzapita limodzi kukayezetsa magazi.

Mukamalemba, lembani m'Chichewa, musangoti "moni mayi" basi. Tchulani mudzi ndi mfumu yanu yaikulu, komwe mukukhala pano, ntchito yanu, mpingo, ndi chithunzi cha chaka chino chopanda magalasi akuda. Tikalemberana kwa sabata imodzi kapena ziwiri tidzaimbirana pa vidiyo, Lamlungu madzulo ndi pamene ndimapezeka. Amene muli ku Malawi, nthawi yanu ili patsogolo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Dzina ndi nambala ndidzakupatsani tikaonana nkhope.