Kwa gulu la kumunda: kuthokoza, ndi kutsanzikana ndi Mayi Alufandika

Anzanga nonse a pa ofesi ya Ngabu ndi a m'misika,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi mabanja anu. Lole yomaliza ya thonje yatsitsa katundu dzulo madzulo, mabuku tatseka, ndipo usiku wathawu ndagona tulo tenitenito koyamba chitsegulire misika mwezi wa Meyi. Ndisanayambe kulemba lipoti lopita kwa akuluakulu, ndati ndiyambe ndalankhula ndi inu amene mwagwira ntchitoyi ndi manja anu.

Zikomo kwambiri. Makalaliki amene munkafika pasikelo kusanache n'kupeza ngolo za alimi zitandanda kale, madalaivala amene mwameza fumbi la misewu ya kumidzi, alonda amene mwagona panja ndi udzudzu kulondera mabelo, nonsenu ndakuonani. Alangizi athu ndiye ndinene padera. Ntchito yanu siyambira pamsika ayi. Inayamba mu Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale mbuzi zimathawira pansi pa nkhokwe, pamene munkazungulira pa njinga zamoto kulemba maina a alimi ndi kugawa mbewu. Tizilombo ta kodikodi titayamba kuoneka m'minda ina, simunadikire kuti ndikutumeni. Munapita nokha kukaonetsa alimi kasakanizidwe ka mankhwala ndi nthawi yoyenera kupopera. Thonje loyera limene talandira chaka chino linachokera pamenepo.

A Zuze, lole itatitimira mumchenga pamtsinje wa Lalanje, munagona pomwepo ndi katundu mpaka thirakitala itafika m'mawa. Simunadandaule, ndipo simunandiuze n'komwe kuti munagona ndi njala. Ndinachita kumva kwa anthu ena. Zikomo, achimwene.

Tsono nkhani inayi ndi yolemera kuilemba. Ambiri mwamva kale mphekesera, ndiye ndikutsimikizireni: Mayi Alufandika akutisiya kumapeto kwa mwezi uno wa Ogasiti. Apeza malo ku Bunda, ku Lilongwe, kuti akapitirize maphunziro a zaulimi. Atandibweretsera kalata, ndinawayamikira ndi mtima wonse, koma atangotuluka mu ofesi ndinakhala duu kwa kanthawi, osadziwa kuti tsidya lija la Shire ndilipereka m'manja mwa yani.

Mayiwa anabwera pakati pathu mu 2018 ngati kalaliki wa pasikelo. Ndivomere pamaso panu kuti pamene ankapempha dera la tsidya, cha ku Makhanga ndi ku Muona, ndinakayikira. Kumeneko mvula ikangogwa, njira imakhala ya bwato pa Mtayamoyo, apo ayi kuzungulira mpaka ku Thabwa n'kutsikanso ndi msewu wa tsidyalo, ulendo wotha tsiku. Amuna angapo anali atakanapo deralo. Iwo anangoti, "Bwana, kumeneko ndi kwa amayi anga, ndipatseni." Ndinalakwa kukayika, ndipo sipanathe chaka ndisanazindikire kulakwa kwangako.

Chimene anasintha poyamba chinali chaching'ono. Mlimi akabweretsa thonje, iwo ankatembenuza sikelo kuti iyang'ane kwa mwini katundu, n'kumuuza kuti awerenge yekha manambala mokweza. Ngati ndi agogo osadziwa kuwerenga, ankaitana mdzukulu kapena wina wa pamzere, kenako n'kufotokoza m'Chisena kuti pamakilogalamu awa, ngongole ya mbewu ndi mankhwala tachotsa iyi, yotsala ndi iyi. Mzere unkachedwa, inde, ndipo ena a ife tinkang'ung'udza. Koma mlimi wa thonje kuno kuchigwa wakhala akulira ndi sikelo zaka zambiri, ndipo akapeza pamsika pamene sabedwa, sapitanso kwa mavenda ngakhale amulonjeze ndalama ya pompopompo. Lero misika yathu yonse imayeza motero. Ena mwa inu munabwera mutapeza zili choncho, ndiye dziwani kuti anayambitsa ndi mayiwa.

Ndipo sindingatsanzikane nawo osatchula Malichi wa 2023. Namondwe wa Freddy anatipeza tisanapole bwino mabala a namondwe wa Ana wa mu Januwale 2022. Shire ndi Ruo zitasefukira, minda ya alimi athu a tsidya inakwiririka mumchenga, nyumba zinagwa, ndipo mabuku a makalabu anapita ndi madzi. Kwa masiku angapo foni ya Mayi Alufandika sinkapezeka. Amene munalipo mukukumbukira mmene tinkakhalira pakhonde la ofesi, aliyense ali chete, kuyesa nambala yawo mobwerezabwereza. Atatulukira ku Bangula, anali ndi chitenje chimodzi ndi kope la m'pulasitiki lomwe analimangirira m'chiuno.

Ndi kope limenelo anayenda m'misasa ya anthu othawa madzi, kufufuza alimi athu mmodzimmodzi. Ine ndinkafuna mndandanda wa ngongole, chifukwa ndi zimene ntchito yanga inkafuna kwa ine. Iwo anandibweretsera mndandanda wina: uyu wataya mwana, uyu ng'ombe zonse zapita, awa akudya nyika za m'dambo. Anandiyang'ana n'kunena kuti sangapite kukafunsa ngongole kwa munthu amene akugona m'kalasi. Tinakangana tsiku limenelo, sindibisa. Koma kalata imene ndinalembera akuluakulu yopempha kuti ngongolezo ziyembekeze, ndinailemba ndi mawu awo, ndipo pempholo linamveka. Ambiri mwa alimi aja anabwerera kumunda, anabweza pang'onopang'ono, ndipo chaka chino ena a iwo anali oyamba pamzere.

Mayi Alufandika, achemwali anga, pitani bwino. Zimene mukukaphunzirazo chigwa chino chikuzifuna: nthaka yathu ya makande, mapira ndi chitowe, ulimi wothirira umene ukubwera ndi ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Kwathu kuno mwambi umenewu timaudziwa mowawa, koma pa inu ndikuunena ndi chiyembekezo. Mukamaliza, kaya mudzabwerera pakampani pano kaya kwina, dzabwerereni kuchigwa. Ndipo mukagule majuzi okwanira inu ndi ana, chifukwa Juni wa ku Bunda si Juni wa ku Nsanje.

Za ntchito zili motere. Dera la tsidya atenga ndi a Semba kuyambira pa 1 Sepitembala. Sabata ziwiri zikubwerazi ayendera limodzi ndi Mayi Alufandika kuti akawaonetse kwa mafumu ndi kwa apampando a makalabu. A Semba, musaope. Palibe amene akuyembekeza kuti mukhale ngati iwo tsiku limodzi. Funsani zonse pamene akadali pafupi, ndipo kope lija akupatsani, mulisunge. Nonse amene muli ndi malisiti kapena masaka otsala, mubweze kwa osunga katundu pofika Lachitatu.

Lachisanu pa ofesi pano tidzakhala ndi kamwambo kotsanzikana, kuyambira 2 koloko masana. Mbuzi ndagula kale. Amene akufuna kuponyapo kangachepe pa mphatso aonane ndi a Zuze. Ndaitananso apampando atatu a makalabu a tsidya, chifukwa atamva za ulendowu anatumiza uthenga woti sangalole kuti mwana wawo achoke osamugwira chanza. Galimoto idzakawatenga pa Bangula m'mawa.

Mayi Alufandika, mawu othokozera a Chisena oti "takhuta" ndinaphunzira kwa inu, pamene alimi ankakuuzani akalandira ndalama zawo. Lero ndikubwezerani: takhuta, mayi. Mulungu akutsogolereni, ndipo mukafika mudzatiimbire.

Ine wanu,
Bambo Thomu
Mtsogoleri wa gulu la kumunda, ofesi ya Ngabu