Makadi Atatu ku Kabwata

Yohane Banda anavomera kupita ku Kabwata chifukwa sakanatha kukanira mlongo wake Esnati, amene anamulipirira lendi ya nyumba ya ku Matero miyezi iwiri yotsatizana popanda kumunyoza ngakhale kamodzi. Tsikulo linali Lachitatu, pakati pa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mawa lake nthawi ya 9 koloko ankayembekezeka kukaonekera pamaso pa akuluakulu a kampani ina ya zipangizo zomangira, kufupi ndi msewu wa Lumumba, imene inkafuna munthu woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Panali patatha miyezi 14 chichotsedwereni ntchito.

"Alongo, ine ndine munthu wa manambala," anatero ali m'minibasi imene anakwera pa Kulima Tower. "Agogo athu ku Katete ankapita kukaombeza ula, koma ng'ombe zawo zinafabe. Nanga mapepala ojambulidwa ndi azungu angadziwe bwanji zimene anthu amene sanandionepo adzaganize mawa?"

"Sindikuti mukhulupirire, achimwene," anayankha Esnati. "Ndikungopempha kuti mukakhale pansi ndi kumvetsera. Milungu itatu yapitayi simukugona, ndipo alamu andiuza kuti mumayankhula nokha usiku."

Yohane sanayankhe. Panalinso china chimene chinkamuvuta, chimene sanafune kuchitchula m'galimoto yodzaza anthu: anali mkhristu wopita kutchalitchi Lamlungu lililonse, ndipo ankaopa kuti wina wa mumpingo angamuone akulowa m'nyumba ya woombeza.

Nyumbayo sinali monga ankaganizira. Munalibe nsupa, mikanda kapena fungo la mankhwala. Mayi Zulu, amene anaphunzitsa ana a pulayimale zaka zambiri asanapume, anawalandira m'chipinda chaching'ono chokhala ndi tebulo loyalidwa chitenje, ndipo popeza magetsi anali atazima kuyambira masana, anatsegula zenera kuti mulowe kuwala ndi kamphepo. Atapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, anatulutsa makadi m'kathumba ka nsalu n'kuwaika pakati pa tebulo.

"A Banda, nkhope yanu ikuonetsa kuti mwabwera mokokedwa," anatero mayiyo.

"N'zoona, amayi, ndipo sindikufuna kukunamizani. Ine za makadi sindizikhulupirira. Kodi alipo angati?"

"Awerengeni nokha."

Yohane anawawerenga mmene ankawerengera katundu, asanuasanu, kuwaunjika timilu ting'onoting'ono, ndipo anapeza 78. Mayi Zulu anafotokoza kuti 22 mwa iwo ndi akuluakulu, aliyense ali ndi dzina lake, pamene 56 otsalawo agawidwa m'magulu anayi: a zikho, a malupanga, a ndodo ndi a ndalama. Ananenanso kuti makadi a taroti anayambira kumpoto kwa dziko la Italy m'zaka za m'ma 1400 monga masewera chabe a anthu olemera, ndipo kuti panapita zaka zoposa 300 anthu a ku France asanayambe kuwagwiritsa ntchito poombeza.

"Ndiye kuti inunso mukuvomereza kuti ndi masewera," anatero Yohane.

"Ndikuvomereza kumene anachokera. Ine sindiitana mizimu, ndipo sindikuuzani ngati ntchitoyo muipeza kapena ayi, chifukwa sindikudziwa. Sakanizani makadiwa, muganize za mawa, kenaka musankhe atatu. Loyamba likhala la zimene zinapita, lachiwiri la zimene muli nazo lero, lachitatu la kumene mukulowera."

Anasakaniza mosafuna, koma anachita mosamala, popeza manja ake sanazolowere kugwira chinthu mwachisawawa. Mayi Zulu anatembenuza khadi loyamba. Panali nsanja yaitali yomangidwa pamwamba pa thanthwe, mphezi itaiomba, moto ukutuluka m'mazenera, chisoti chachifumu chikugwa kuchokera pamwamba pake, ndipo anthu awiri ankagwa chamutu mumdima. Esnati anagwira pakamwa.

"Limeneli ndi Nsanja, la nambala 16," anatero mayiyo. "Limanena za chinthu chimene munthu ankachiyesa cholimba koma chinagwa tsiku limodzi."

"Alongo anga anakuuzani kuti ndinachotsedwa ntchito," anatero Yohane, mawu ake atauma. "Ndipo ngakhale akanapanda kukuuzani, ndani mu Lusaka muno amene alibe nsanja yake imene inagwa? Khadi lililonse mukanatembenuza mukanalipezera tanthauzo."

"Mwina ndi choncho. Komabe liyang'aneni bwino, mundiuze chimene chalakwika pa chithunzichi."

Yohane anayang'ana nthawi yaitali, ndipo pamene anayankhula, mawuwo anatuluka asanawakonzekere. "Apa akugwa anthu awiri. Kwathu anagwa mmodzi yekha."

M'chipindamo munakhala bata. Kunja kunkamveka ana akusewera mpira wachikulunga ndi mayi wina akuitanira malonda a chibwabwa. Kenaka Yohane anafotokoza zimene ngakhale mkazi wake anali asanazimve zonse. Madzulo ena, nthawi yoweruka itakwana, bwana wake anamubweretsera pepala losonyeza kuti matumba 600 a simenti alowa, n'kumuuza kuti asaine msanga chifukwa dalaivala ankafulumira. Kwa zaka 11 Yohane anali asanasainepo chinthu chimene sanachiwerenge, koma tsiku limenelo anasaina, chifukwa anali wotopa ndiponso chifukwa ankaopa kuoneka ngati akukayikira mkulu wake. Owerengera chuma cha kampani atabwera, anapeza kuti matumba 120 kulibe. Pa pepalapo panali dzina limodzi lokha. Sanamutengere kupolisi, popeza panalibe umboni woti anaba, koma anamupatsa kalata yomuchotsa ntchito chifukwa cha kusasamala, ndipo bwanayo anatsala pa mpando wake.

"Nanga mawa akakufunsani chifukwa chimene munachokera, mudzati chiyani?" anafunsa Mayi Zulu.

"Ndidzati mgwirizano wanga unatha." Anaweramitsa mutu. "Ndi mawu amenewo amene ndimayeserera usiku."

Mayiyo sanamudzudzule ndipo sanamulangize. Anangotembenuza khadi lachiwiri, la ndalama zisanu, pamene panali anthu awiri ovala nsanza, wina woyendera ndodo, akudutsa m'chipale chofewa pansi pa zenera lowala la nyumba yooneka ngati tchalitchi. Ananena kuti khadi limeneli ndi la umphawi ndi manyazi, ndipo kuti iye nthawi zonse amaona kuti anthu awiriwo sakuyang'ana zeneralo ngakhale lili pamwamba pa mitu yawo. Yohane anacheukira mlongo wake, amene ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo sananene kanthu.

Khadi lachitatu linali la ndalama zisanu ndi zitatu. Panali mmisiri atakhala pa benchi, nyundo ili m'manja, akusema chizindikiro pa ndalama imodzi, zina atazipachika kale pa mtengo.

"Palibe chuma apa, palibenso mpando waufumu," anatero Mayi Zulu. "Pali munthu amene akudziwa ntchito yake. Popeza ndinu wa manambala, ziwerengeni."

"Zisanu ndi imodzi zili pa mtengo, imodzi akuisema. Zonse pamodzi ndi zisanu ndi ziwiri." Anakwinya nkhope, nasendeza khadilo kufupi ndi zenera, ndipo chala chake chinatsika pang'onopang'ono mpaka chinaima. "Ayi, ina ili pansi apa, pafupi ndi phazi lake. Zakwana zisanu ndi zitatu."

"Ambiri amene amakhala pa mpando umenewo amangovomera nambala imene ndawauza," anatero mayiyo, uku akusonkhanitsa makadi ake.

Yohane anafuna kulipira, koma anauzidwa kuti Esnati analipira kale. Pobwerera, ali pa siteji, anauza mlongo wake kuti maganizo ake pa za makadi sanasinthe, ndipo kuti mayiyo ndi mphunzitsi wanzeru amene amadziwa kufunsa mafunso. Esnati anangoti, "Chabwino, achimwene," osatsutsa. Usiku umenewo, ana atagona, Yohane anakhala ndi mkazi wake pakhonde n'kumufotokozera nkhani yonse ya matumba 120, kuyambira pa pepala mpaka pa kalata, ndipo atamaliza anagona tulo tofa nato mpaka tambala woyamba.

M'mawa anavala malaya oyera amene mkazi wake anawasita ndi simbi ya makala, nafika pa kampaniyo patatsala mphindi 40. Pa benchi panali anthu ena asanu ndi mmodzi, ambiri a iwo anyamata onyamula mapepala a sukulu zapamwamba. Atamuitana, anapeza akuluakulu atatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi wovala magalasi. Anamufunsa za kalembedwe ka katundu wolowa ndi wotuluka, za kasungidwe ka simenti kuti isagwire chinyontho nyengo ya mvula, ndi za njira yotulutsa katundu wakale poyamba, ndipo zonsezi anaziyankha mosadodoma. Kenaka mayi wa magalasi anatembenuza pepala.

"A Banda, munagwira ntchito zaka 11 pamalo amodzi. N'chifukwa chiyani munachoka?"

Mawu amene anawayeserera milungu itatu anali pa lilime, okonzeka. Anayang'ana manja ake amene anali pa mawondo, ndipo anakumbukira chala chake chikutsika pa khadi lija kufunafuna ndalama yachisanu ndi chitatu.

"Sindinachoke ndekha, amayi. Anandichotsa. Ndinasaina kuti ndalandira matumba 600 a simenti ndisanawawerenge, ndipo 120 anasowa. Sindinabe, koma siginecha inali yanga, ndipo kuwerenga inali ntchito yanga."

Mmodzi wa amunawo anaika cholembera pansi n'kuyang'ana mnzake. Mayiyo sanachotse maso pa Yohane.

"Anakuuzani kuti musaine ndani?"

"Amene anali pamwamba panga. Koma dzina lawo sinditchula pano, chifukwa iwo palibe kuti adziyankhire."

"Nanga ine nditabwera nthawi yoweruka, galimoto ili pachipata, n'kukuuzani kuti musaine msanga?"

"Ndingakupempheni kuti mudikire, amayi, ngakhale mutakwiya. Ndingawerenge thumba lililonse, dalaivala ali pomwepo, ndipo tonse awiri tingasaine."

Mayiyo analemba kanthu kwa nthawi yaitali ndithu, kenaka anapempha nambala ya foni ya ofesi imene inamuchotsa ntchito, ndipo Yohane anaipereka. Anamuuza kuti onse amene ayesedwa adzamva zotsatira Lolemba.

Atatuluka, dzuwa linali litafika kale paliwombo, ndipo malole ankadutsa mumsewu wa Lumumba akuutsa fumbi. Foni inalira asanafike pa siteji.

"Zayenda bwanji, achimwene?" anafunsa Esnati.

"Ndawauza zonse. Akuti tidzamva Lolemba."

"Zonse? Za matumba zomwe?"

"Za matumba zomwe, alongo. Mukawaona Mayi Zulu muwapatse moni, ndipo muwauze kuti ndafunsa ngati ndingabwere kudzawakonzera chitseko cha kukhitchini chija, chifukwa ndinaona kuti chikulendewera."

Anaika foni m'thumba, nawerenga ndalama za minibasi zimene zinamutsalira, ndipo anaima pamthunzi kudikira ya ku Matero.