Kalembedwe ka Mawu a Zamalamulo: Uthenga kwa Ophunzira a Chaka Choyamba

Ophunzira nonse a chaka choyamba,

Ndatsiriza kuchonga ntchito yanu yoyamba ya phunziro la kalembedwe ka zikalata za kukhoti, ndipo musanayambe yachiwiri ndikufuna kuti muwerenge chikalatachi mofatsa. Ambiri mwa inu mfundo za malamulo munazimva bwino, koma mawu atatu amene anali pamtima pa funso, *subpoena*, *perjury* ndi *affidavit*, analembedwa m'njira zosiyanasiyana, mwina ngakhale papepala la munthu mmodzi. Sikuti ndinu osasamala. Tinazolowera chilankhulo chimene chimalembedwa monga momwe chimamvekera, choncho dzanja limatsata khutu. Mawu a zamalamulo ambiri analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chilatini ndi ku Chifalansa chakale, ndipo anasunga zilembo zimene pakamwa panasiya kalekale kuzitchula. Njira yodalirika yowalembera molondola ndiyo kudziwa zidutswa zimene zinapanga liwu lililonse, osati kudalira mmene mwalimvera m'kalasi.

Tiyambe ndi *subpoena*, lomwe linavuta kuposa onse. Ichi ndi chikalata cholamula munthu kuti akaonekere kukhoti kukapereka umboni, ndipo akapanda kupita popanda chifukwa chomveka amalangidwa. Liwuli ndi mawu awiri a Chilatini amene anaphatikizidwa: *sub*, kutanthauza pansi pa, ndi *poena*, kutanthauza chilango. Munthu amaitanidwa ali pansi pa chilango. Mukaligawa chotero muona kuti zolakwa zonse zimene munachita zimachokera pamalo awiri okha. Malo oyamba ndi chilembo cha b, chimene olankhula ambiri sachitchula, n'chifukwa chake ena munalemba *supoena* kapena *suppoena*. Malo achiwiri ndi zilembo za o ndi e, zimene zimamveka ngati i mmodzi wautali, kotero kuti ena munazitembenuza n'kulemba *subpeona* pamene ena munalemba *subpina*. Chilembo cha o chimayamba, e n'kutsatira, monga zilili mu *poena*, tsinde lomwenso linabala *penal* ndi *penalty*. Zikalatazi zikakhala zambiri timalemba *subpoenas*, ndipo munthu akaitanidwa kale timalemba *subpoenaed*. Liwu lomalizali limaoneka lachilendo m'maso chifukwa a ndi e zagundizana, koma ndi momwemo, musachotsepo kanthu.

Mudzakumananso ndi mitundu iwiri ya chikalatachi. Pali *subpoena ad testificandum*, choitana munthu kuti akalankhule monga mboni, ndiponso *subpoena duces tecum*, chomulamula kuti abwere ndi zikalata kapena zinthu zimene khoti likufuna kuona. Dziwaninso kuti si makhoti onse amene akugwiritsabe ntchito liwuli. Ku Mangalande ndi ku Wales, malamulo oyendetsera milandu yosakhala ya upandu amene anayamba kugwira ntchito mu 1999 anaika *witness summons* m'malo mwake, ndipo *plaintiff* anasanduka *claimant*, pamene makhoti a ku Amereka akadali ndi *subpoena* mpaka lero. Popeza muziwerenga zigamulo zakale ndi zatsopano zochokera m'mayiko osiyanasiyana, mawu onsewa muyenera kuwadziwa.

Liwu la *perjury* limatanthauza mlandu wonena bodza mwadala munthu atalumbira kuti anena zoona. Gawo lake loyamba ndi *per*, lokhala ndi e, ngakhale kuti khutu limamva ngati muli u, ndipo apa ndi pamene panachokera *purjury* amene ndinamuona m'mapepala angapo. Gawo lachiwiri likuchokera ku *jurare*, kulumbira, tsinde lomwe lilinso mu *jury* ndi *juror*. Amene amatha kulemba *jury* sangalembe *pergury*, pakuti zilembo zinayi zomalizazo ndi zomwezo. Ena munasokoneza *per* ndi *pre* n'kulemba *prejury*, mwina chifukwa cha *prejudice* amene mumamuona kawirikawiri, koma amenewa ndi mawu osiyana kotheratu. Wochita mlanduwu ndi *perjurer*, ndipo kunyengerera munthu wina kuti aname atalumbira kumatchedwa *subornation of perjury*.

Pa liwu lomweli ndiyenera kunenapo za l ndi r. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo la liwu, ndipo lamulo la kalembedwe ndi lakuti r amabwera pambuyo pa e kapena i. M'Chingerezi lamulo limeneli kulibe, ndipo aliyense wa ife amene anakula akulankhula Chichewa ayenera kukhala tcheru pamenepa moyo wake wonse wa ntchito. Ndinaona *perjuly*, *praintiff* ndi *crient*. Palibe chochititsa manyazi, koma zolakwa za mtundu umenewu zimatha pokhapokha munthu akamayang'ana dala chilembo chilichonse cha l ndi r pobwereza kuwerenga zimene walemba.

Tifike pa *affidavit*, chikalata chimene munthu amalembamo zimene akudziwa n'kulumbira pamaso pa munthu wopatsidwa mphamvu yolumbiritsa. M'Chilatini cha m'zaka zapakati liwuli linali mneni wotanthauza kuti walumbira, ndipo linachokera ku *ad* ndi tsinde la *fides*, chikhulupiriro. Chilembo cha d cha mu *ad* chinasanduka f chitakumana ndi f wa kutsogolo, n'chifukwa chake ma f alipo awiri. Pambuyo pa ma f awiriwo pamabwera i, osati a, motero *affadavit* n'kulakwa. Kumapeto kuli t, osati d. Ambiri munalemba *affidavid*, mwina chifukwa limamveka ngati dzina la munthu, ndipo ena munawonjeza i kumapeto monga timachitira potchula mawu obwereka. Polankhula palibe amene angakuimbeni mlandu, koma papepala liwuli limathera pa t. Wolumbirayo amatchedwa *deponent*, ndipo kagawo ka kumapeto kosonyeza malo, tsiku ndi amene walumbiritsa kamatchedwa *jurat*, kuchokeranso ku *jurare* uja.

Mwina wina afunsa ngati chilembo chimodzi chingagwetse mlandu. Nthawi zambiri sichingatero, chifukwa makhoti ali ndi mphamvu yolola kuti zolakwa zazing'ono za kalembedwe zikonzedwe. Komabe chikalata cholumbirira sichikonzedwa mwachisawawa monga kalata wamba. Malamulo a makhoti ambiri amafuna kuti pamalo pamene pafufutidwa kapena kusinthidwa pasainidwe ndi wolumbiritsa, apo ayi munthuyo alumbirenso, ndipo zimenezi zimadya nthawi ya munthu amene wakukhulupirirani ndi mlandu wake. Chinanso n'chakuti pofufuza zigamulo pa kompyuta, liwu lolembedwa molakwika likhoza kukubisirani mlandu umene mukanaufuna kwambiri. Koposa zonsezi, woweruza amene waona *affidavid* pamutu pa chikalata chanu amayamba kukayikira ngati masiku, ziwerengero ndi ndime za malamulo zimene mwatchula m'munsimo mwazisamala. Ine ndimaona kuti kukayikira kumeneko n'koyenera.

Mayina a anthu a mumlandu ali ndi msampha wawo. Timalemba *defendant*, *appellant* ndi *applicant* ndi a, koma *respondent* ndi *deponent* ndi e, ndipo palibe chimene khutu lingakuthandizeni pamenepa, muyenera kungowaloweza. Liwu la *appeal* lili ndi l mmodzi, pamene *appellant* ndi *appellate* ali ndi ma l awiri. Liwu la *plaintiff* limathera pa ma f awiri. Mu *indict* ndi *indictment* muli c wosatchulidwa. Ponena za chigamulo cha khoti, chizolowezi cha akatswiri a malamulo ndi kulemba *judgment* popanda e pakati, ngakhale kuti *judgement* amavomerezeka m'zolemba zina, ndipo m'phunziro lino ndizifuna *judgment*.

Zoopsa kwambiri ndi zolakwa zimene kompyuta singakuuzeni, chifukwa liwu lolakwikalo ndi liwu lenileni la Chingerezi. Mukasiya t mmodzi mu *statute*, lamulo lopangidwa ndi nyumba ya malamulo limasanduka *statue*, chosema. Mukatembenuza zilembo za *trial*, kuzenga mlandu kumasanduka *trail*, kanjira. Loya woimira munthu ndi *counsel*, pamene *council* ndi khonsolo. Mfundo ya lamulo ndi *principle*, koma munthu amene wina akumuimira pa malonda ndi *principal*. Chigamulo chakale chimene makhoti amatsata ndi *precedent*, osati *president*. Munthu amene ali ndi udindo wolipira pa cholakwa ndi *liable*, pamene *libel* ndi kuipitsa mbiri ya munthu m'zolembedwa. Mawu amenewa sadzadulidwa mzere wofiira pa kompyuta yanu, motero maso anu okha ndi amene angawagwire.

Kumbukiraninso kuti Chingerezi cha ku Britain ndi cha ku Amereka zimasiyana. Cha ku Britain chimalemba *defence* ndi *offence*, cha ku Amereka *defense* ndi *offense*. Cha ku Britain chimasiyanitsanso dzina ndi mneni, kotero kuti *licence* ndi *practice* ndi mayina pamene *license* ndi *practise* ndi aneni. M'phunziro lino tizitsata cha ku Britain, ndipo muonetsetse kuti kompyuta yanu mwaitchera ku Chingerezi chimenecho. Koma pobwereza mawu a chigamulo kapena a lamulo, lembani ndendende monga alili m'chikalata chimene mwawatengamo.

Mawu a Chilatini amene sanasinthe, monga *habeas corpus*, *prima facie*, *mens rea* ndi *ratio decidendi*, akopereni kuchokera m'buku, osati m'makutu. Mu *habeas*, pambuyo pa b, e amayamba, a n'kutsatira. Liwu la *dictum* ndi la chinthu chimodzi, *dicta* ndi la zambiri. Mayina a milandu nawonso asamaleni chimodzimodzi: mlandu wotchuka wa mu 1932 wokhudza kusasamala ndi *Donoghue v Stevenson*, wokhala ndi v pakati pa dzina lachiwirilo, osati ph.

Kuyambira sabata ino aliyense akhale ndi kope laling'ono la mawu. Mukakumana ndi liwu latsopano, lilembeni ndi dzanja kuchokera mu dikishonale ya zamalamulo, muligawe m'zidutswa zake, mulembe tanthauzo lake m'mawu anu, ndipo mudule mzere kunsi kwa chilembo chimene chingakupusitseni. Lachisanu likudzali, mphindi 15 zoyambirira za kalasi ndidzakutchulirani mawu 20 ochokera m'chikalata chino kuti muwalembe popanda buku, foni kapena kompyuta. Pa ntchito yachiwiri, imene ndi kulemba chikalata cholumbirira cha tsamba limodzi, kalembedwe ka mawu kadzakhala ndi malikisi akeake. Amene akufuna kuti tionere limodzi zolakwa za m'pepala lake loyamba abwere nalo ku ofesi yanga Lachitatu masana.

Mphunzitsi wanu wa kalembedwe ka zikalata za kukhoti