Khadi ndi ya anthu awiri

Tadala, mwaswera bwanji? Musadabwe ndi kutalika kwa uthengawu, si nkhani yobwereka ndalama ayi.

Msuweni wanga Chikondi akukwatira Loweruka la sabata yamawa, ndipo khadi yomwe andipatsa ndi ya anthu awiri. Nditaganiza za munthu woti ndingakhale naye masana onse macheza osatha, ndapeza kuti ndi inu. Ndiye mungandiperekeze? Mukakana palibe mlandu, moni tizipatsanabe ngati kale. Koma poti kuvomera chinthu chosachidziwa n'kovuta, ndikufotokozereni momwe tsikulo liyendere.

Ukwati akadalitsa ku St Michael and All Angels, ku mishoni kuja, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Kumeneko sindikuvutitsani. Ndikudziwa kuti Loweruka m'mawa ndi nthawi yochapa, komanso ine ndikakhala pikitipikiti kunyamula azakhali ochokera ku Mulanje. Ndikukuitanirani madyerero a masana ku Comesa Hall ku Chichiri. Pakhadi alemba 1 koloko, koma akwati akachoka ku tchalitchi amayamba akajambulitsa, kenako akasinthe ndi kudyako, ndiye kulowa muholo isanakwane 2 koloko n'kosowa. Tikafika cha m'ma 1:30 tipeza mipando yabwino, chapakati, kutali ndi masipika. Amene amakhala pafupi ndi masipika amabwerako makutu akulira mpaka Lolemba.

Achimwene andibwereka galimoto, ndiye ndikhoza kudzakutengani ku Chitawira 1 koloko. Ngati simukufuna kuti a pamudadada ayambe kusuzumira m'makatani, tikumane pa geti la Trade Fair, ndikhala nditaima panja ndi khadi. Mukakwera minibasi ya ku Limbe muwauze akondakitala msanga kuti mutsika pa Chichiri, ndipo munyamuke nthawi ikadalipo, chifukwa kukakhala mpira pa Kamuzu Stadium msewu wa Chipembere umadzaza kuyambira pa Ginnery Corner.

Idyani nkhomaliro kunyumba. Ndanena izi mosaseka. Chakudya chimabwera mwambo ukupita kumapeto, ndipo nthawi zambiri ndi kaphukusi ka samusa, nthuli ya nkhuku, kachidutswa ka keke ndi botolo la chakumwa. Munthu wobwera ndi njala amadana ndi nyimbo iliyonse.

Zovala musavutike nazo. Nsalu ya ukwati asoketsa ndi achibale okha, inu ndinu mlendo, valani chilichonse chomwe mumamasuka nacho, bola chisakhale choyera mbee, tingasokoneze ojambula. Mutenge kajuzi, Julayi uno chiperoni chimangotsika osagogoda, ndipo potuluka kumakhala kutazizira. Nsapato zikhale zoti mutha kuvina nazo.

Tsopano perekaniperekani. Apa musatulutse kanthu m'chikwama chanu, ndakonza kale. Ndisinthiratu K20,000 kukhala ma K100 ndi ma K200, tigawana pakati. Kusintha muholo momwemo kulipo, koma pa tebulo la osintha ndalama pamakhala mzere, ukamafika kutsogolo nyimbo yatha. Chinsinsi chake n'kuponya imodziimodzi, mwendo ukuyenda. Woponya K5,000 kamodzi amabwerera pampando nyimbo isanafike n'pakati pomwe. Woyendetsa mwambo aziitana magulu: akuchimuna, akuchikazi, akuntchito, akumpingo, oyandikana nawo nyumba. Ife tidzuka akaitana akuchimuna ndi anzake a mkwati, kawiri basi. Mukafuna kungokhala n'kumaonerera, khalani, ndikavinirani ndine, ngakhale kavinidwe kanga sikoti munthu n'kunyadira.

Chomwe chingakuvuteni ndi chimodzi: azakhali. Akangotiona tayandikana abwera, akugwirani dzanja osalisiya, n'kufunsa kuti, “Kodi awa ndi alamu athu?” Ine ndiyankha kuti ndinu mnzanga Tadala, ndipo ndithera pomwepo. Sindikuimikani kutsogolo, sindikukokerani ku zithunzi za banja, ndipo dzina lanu silifika kwa woyendetsa mwambo. Akalimbikira mafunso mungondiyang'ana, ndinena kuti tikukaona ngati galimoto takhoma.

Mwambo utha cha m'ma 5 koloko, ndipo ndikutulani pakhomo kusanade. Mukatopa msanga tituluka akamagulitsa keke, nthawi imeneyo aliyense maso amakhala pa mbale ya ndalama, palibe amaona wotuluka.

A komiti akufuna chiwerengero cha anthu pofika Lachitatu madzulo, ndiye mundiyankhe lisanadutse tsikulo. “Eya” kapena “ayi” ndi yokwana, chifukwa chake sindifunsa. Mukakana mpandowo ndipatsa mng'ono wanga, yemwe wayamba kale kufunsa ngati kukhale nkhuku.

Ndine Madalitso