Mafunso a ophunzira a ku Chancellor: kusunga pepala la kafukufuku

Kodi kusunga pa laputopu pokha sikukwanira?
Ayi. Laputopu imabedwa ku hositelo, imagwa, komanso magetsi akabwera mwamphamvu imatha kupsa. Sungani malo atatu.

Nanga fulashi?
Ndi yabwino, koma musalembere pomwepo. Lembani pa laputopu, kenako koperani. Mukapita kukasindikiza m'tauni, tengani ina, chifukwa makompyuta a kumeneko amagawa mavairasi. Fulashi isagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu; wakuba amanyamula zonse.

Pa intaneti ndiike kuti?
Google Drive imapereka 15 GB mwaulere, ndipo machaputala satha bandulo yambiri. Ikani madzulo aliwonse, kenako tsegulani pafoni muone ngati fayiloyo yafikadi.

Ndidziwa bwanji fayilo yatsopano?
Ikani tsiku pa dzina: `Chaputala3_14-05.docx`. Zakale musafufute, asupavaiza angakuuzeni kubwezeretsa ndime imene munachotsa.